Malikisi atatu, koma ofunika ndi amodzi

Pa mipikisano ya achinyamata opanga mapulogalamu a pafoni, oweruza amapatsidwa pepala lokhala ndi mizere itatu. Woyamba umafunsa ngati ganizo likumveka bwino, wachiwiri ngati likusiyana ndi ena omwe alipo kale, wachitatu ngati likuyenerana ndi anthu amene lapangidwira. Mzere uliwonse uli ndi malikisi 10, ndipo akawonkhetsa, wopambana wapezeka. Pepala limeneli limandikwiyitsa. Mafunsowo ndi abwino, koma kuwawonkhetsa ngati ndi ofanana kulemera ndi ulesi, ndipo chaka ndi chaka ulesiwu umapereka mphoto kwa anthu odziwa kuyankhula m'malo mwa anthu odziwa ophunzira.

Tiyeni tipeke ganizo limodzi, tiligoletse. Tilitche Nyali. Mwini wake akuti: wophunzira wa Fomu 4 pa sekondale yoyendera akakanika kuyankha funso la masamu, alijambule ndi foni, ndipo pasanathe mphindi 15 wophunzira wa kuyunivesite amuimbira pavidiyo n'kumuphunzitsa kwa theka la ola. Malipiro ndi a pamwezi, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Cholinga n'chakuti mwanayo akhoze masamu pa mayeso a MSCE.

Pa kumveka bwino, ndikupereka 9 mosanyinyirika. Muyeso wanga ndi wakuti munthu amene wamva ganizolo kamodzi athe kukauza mnzake molondola kuti ndani akuchita chiyani, liti, ndipo akulipira bwanji. Nyali ikukhoza pamenepa, chifukwa ilibe mawu opanda kanthu aja akuti "kusintha maphunziro a mwana wa m'dziko muno." Ndachotsapo likisi imodzi poti sananene chimene chichitike mphindi 15 zija zikatha wophunzitsa asanapezeke.

Pa kusiyana ndi ena, oweruza ambiri angapereke 8, ndipo sinditaya nthawi kulimbana nawo. Mzere umenewu ndi wotchipa kwambiri pa yonse, pakuti kusiyana ndi anzako n'kosavuta ukalolera kuchita chimene anzakowo anachiyesa n'kuchisiya pa zifukwa zomveka.

Ntchito yeniyeni ili pa mzere wachitatu, ndipo ndi pamene oweruza amathamanga. Amangoona kuti mwini ganizo walemba "ophunzira a Fomu 4" n'kugwedeza mutu. Koma "ophunzira a Fomu 4" si munthu. Njira imene ndimaikonda, ndipo ndikanakonda itakhala lamulo, ndi yotenga wophunzira mmodzi n'kumutsatira madzulo amodzi, kuyambira pamene waweruka mpaka pamene wagona, uku tikufunsa pa sitepe iliyonse ngati pulogalamuyo ikadali moyo.

Tinene kuti ndi mtsikana wa kumudzi, amene amayenda pansi popita ndi pochokera kusukulu. Wafika kunyumba, watunga madzi, wathandiza kuphika. Mabuku akuwatsegula kutada. Funso loyamba: foni ndi ya yani? Si yake. Ngati pakhomopo pali foni yotha kujambula ndi kuimba pavidiyo, mwina ndi ya achimwene ake kapena ya bambo, ndipo imabwera ndi mwini wake usiku, batire itatsala pang'ono. Lonjezo la mphindi 15, lomwe linatisangalatsa pa mzere woyamba, pano lasanduka msampha, chifukwa likufuna kuti mwana, foni, netiweki ndi wophunzitsa zikumane pa nthawi imodzi. Chimodzi chikasowa, phunziro palibe.

Tiyerekeze kuti zonse zakumana. Theka la ola pavidiyo likhoza kudya mamegabaiti oposa 100, pamene chithunzi chimodzi chotumizidwa pa WhatsApp pamodzi ndi uthenga wamawu wa mphindi imodzi nthawi zambiri sizifika ngakhale mamegabaiti awiri. Bandulo ndi ya mwini foni, osati ya mwanayo. Ndiye pali malipiro a pamwezi, omwe amayenerana ndi munthu wolandira malipiro pamwezi. Banja lodalira ulimi limaona ndalama likakolola, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene wa Fomu 4 akuyenera kulimbikira, ndi imene pakhomo pamakhala povuta kwambiri. Ndipo pali funso limene sindinamvepo woweruza akulifunsa: ndi kholo liti limene lingalole mwana wake wamkazi kuyankhulana pavidiyo usiku ndi mnyamata wachilendo wa kuyunivesite? Pa zonsezi, Nyali ndikuipatsa 3, ndipo pamenepo ndachita chifundo. Ganizoli n'loyenera mwana wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa, amene makolo ake akumulipirira kale maphunziro apadera.

Tsopano taonani zimene kuwonkhetsa kumachita. Nyali yapeza 9, 8 ndi 3, zonse pamodzi 20. Pambali pake pabwere ganizo lina losasangalatsa m'maso. Ophunzira asanu agwirizane kugwiritsa ntchito foni imodzi, atumize chithunzi cha funso pa nthawi iliyonse imene netiweki yapezeka, ndipo yankho libwere pofika m'mawa ngati chithunzi cha masitepe olembedwa pamanja, ndi uthenga wamawu wofotokoza m'Chichewa pomwe mawu a masamuwo akutchulidwa m'Chingerezi monga amalembedwera pa mayeso a MANEB. Alipire pa funso lililonse, posonkherana. Ganizoli ndi lalitali kulifotokoza, choncho lipeze 7. Si lachilendo, poti magulu a WhatsApp otere alipo kale, choncho lipeze 4. Pa kuyenerana ndi eni ake lipeze 8. Zonse pamodzi 19. Nyali yapambana ndi likisi imodzi, mwini wake wajambulitsa ndi cheke chachikulu, ndipo mtsikana uja sadzaigwiritsa ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Wonkhetsani mizere iwiri yoyambayo, kenako muchulukitse ndi mzere wachitatu. Nyali ipeza 17 kuchulukitsa ndi 3, zomwe ndi 51. Ganizo lachiwiri lipeza 11 kuchulukitsa ndi 8, zomwe ndi 88. Masamu amenewa akunena zoona zimene kuwonkhetsa kumabisa, kuti kumveka bwino ndi kusiyana ndi ena zili ndi phindu pokhapokha ngati chinthucho chafika m'manja mwa wophunzira.

Wina anena kuti njirayi ikupha maganizo olimba mtima. Ayi ndithu. Pulogalamu ya onebillion, imene inagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE ndi Kitkit School mu 2019, sinagoletsedwe pa siteji. Inayesedwa kwa miyezi yambiri pa ana a m'midzi ya ku Tanzania, m'Chiswahili. Kuno kwathu ana a masitandade oyambirira amaigwiritsa ntchito m'Chichewa, pa matabuleti otchajidwa ndi sola amene safuna bandulo kuti phunziro liyende. Mphamvu yake ili pa mzere wachitatu uja. Yerekezani ndi ku Peru, kumene boma linagawa makompyuta a One Laptop per Child ambirimbiri, koma kafukufuku anapeza kuti ana sanapite patsogolo pa mayeso a masamu ndi kuwerenga. Ganizo limenelo linali lomveka bwino ndiponso lachilendo kuposa ena onse a nthawi yake.

Inu amene mumaitanidwa kukaweruza, musalembe likisi pa mzere wachitatu mwini ganizo asanakuuzeni kuti foni ndi ya yani, bandulo agula ndani, ndipo phunzirolo lichitika nthawi yanji. Akalephera kuyankha mafunso atatuwa, mupatseni 2, ngakhale atayankhula Chingerezi chokoma chotani.