Mzere wa pamwamba pa tsamba

Wophunzira akajambula ndi foni masamba a kumapeto kwa buku, pamene pali mndandanda wa mabuku amene wolemba anagwiritsa ntchito, chithunzi china chitha kuyamba chonchi:

```
——— and Sam A. Mchombo. 1987. Topic, pronoun,
and agreement in Chicheŵa. Language 63: 741-82.
```

Mzere wautali woyambirirawo si chokongoletsa. Ukutanthauza kuti wolemba ndi yemwe uja watchulidwa pamwambapa. Koma apa pamwamba palibe kanthu, dzinalo linatsala patsamba lapitalo. Ngati zithunzi zasokonekera m'foni, wokopera amatenga dzina lomaliza pa chithunzi chimene chayandikira, ndipo nkhani ya anthu awiri imapatsidwa kwa mlendo. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kusanja zithunzi potsata manambala a masamba, ndipo pojambula nambalayo izioneka.

Ngakhale tsamba lolondola litapezeka, dzina silikhala pafupi nthawi zonse. Pamwamba pa nkhaniyi pakhoza kukhala ina ya 1989, yolembedwa pamodzi ndi Jonni Kanerva, nayonso yoyamba ndi mzere. Wina angadabwe kuti 1989 yatsogola bwanji 1987. Si kulakwitsa: mindandanda yambiri imasanja potengera dzina la wolemba wachiwiri, ndipo K amabwera M asanafike. Timakwera mizere yonseyo mpaka tipeze dzina lolembedwa, lomwe pano ndi Joan Bresnan.

Manambala akumapeto nawonso amafuna diso. 63 ndi voliyumu ya magazini, osati tsamba. 741-82 ndi chidule cha masamba 741 mpaka 782, pakuti nkhani singayambe pa 741 n'kuthera pa 82. Pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala malemba imakonda kuwerenga 1 ngati l, makamaka pomwe pepala lapindikira kumsana kwa buku, ndipo kachipewa ka pa ŵ imakataya kapena kukasandutsa chizindikiro china. M'mutu wa nkhani timabwezera kalembedwe ka eni ake, ngakhale ife eni tizilemba Chichewa popanda kachipewako.

Mu kalembedwe ka APA zonsezi zimatuluka motere:

```
Bresnan, J., & Mchombo, S. A. (1987). Topic, pronoun,
and agreement in Chicheŵa. Language, 63(4), 741–782.
```

Dzina la magazini ndi 63 zimalembedwa mopendeketsa, mayina oyamba afupikitsidwa, ndipo mzere uja wachoka chifukwa APA imafuna dzina libwerezedwe paliponse. Koma taonani (4). Nambala imeneyi pachithunzi panalibe. Yachokera ku magazini yeniyeniyo, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mayesero: kalembedwe katsopano kali ndi malo opanda kanthu, dzanja limafuna kudzazapo. Ngati magaziniyo sinapezeke, ndi bwino kulemba 63 yokha ndi kuika chizindikiro choti tidzabwererepo, kusiyana ndi kulemba nambala yongoganizira imene wowerenga adzaifufuza mulaibulale osaipeza.