Fences: filimu imene inakana kutuluka mumpanda

Dzulo usiku ndinaoneranso Fences pa foni, ndipo ndinakumbukira mnzanga wina amene anaisiya pakati. Akuti, "Aise, anthuwa angokhalira kulongolola kuseri kwa nyumba, filimu yake ndi iti pamenepa?" Funsoli si lachibwana, koma ine ndikuti kusachoka pabwalopo ndiye kumene kunaipulumutsa.

Fences ndi sewero la August Wilson, limene linayamba kuonetsedwa pa siteji mu 1985. Nkhani yake ikuyambira mu 1957 mumzinda wa Pittsburgh ku America. Troy Maxson, bambo wakuda wa zaka 53, amagwira ntchito yotola zinyalala. Kale anali katswiri wa mpira wa besibo, koma ligi yaikulu inayamba kulandira anthu akuda iye atakula kale. Tsono mwana wake Cory atapeza mwayi wopita ku koleji chifukwa cha mpira, bamboyo akumutsekera njira. Uku mkazi wake Rose akumuumiriza kuti amange mpanda kuzungulira nyumba. Kulimbana konse kwagona pampandawo: Rose akufuna kusunga banja mkati, pamene Troy akuona ngati moyo wamutsekera m'khola.

Pa siteji zonse zimachitikira pabwalo limodzi lomwelo. Woonera sangathawe, Troy nayenso sangathawe. Vuto la kamera ndi loti imatha kupita kulikonse, ndipo wopanga filimu amayesedwa kuti atitengere kubala, kubwalo la mpira, kwa chibwenzi. Akatero mpweya umalowa, nkhani n'kuphwa ngati tayala.

Denzel Washington, amene anatsogolera filimuyi mu 2016 n'kusewera yekha Troy, anatsegula chitseko pang'ono chabe. Poyamba tikuona Troy ndi mnzake Bono atapachikika kumbuyo kwa galimoto ya zinyalala, kenako akuyenda wapansi kupita kunyumba. Tikangofika kuseri kuja, basi, nthawi yambiri tikhala pomwepo kapena m'nyumba.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zimene sanationetse. Alberta, mkazi amene Troy akuzemberana naye, nkhope yake sitiiona n'komwe, ngati momwe zilili m'sewero. Tikanamuona akuseka ndi Troy, bwenzi tikuyamba kuyerekeza akazi awiriwo, mwinanso kumumvetsa bamboyo. Koma poti sitimuona, nkhaniyo imatipeza momwe ikumupezera Rose: kuchokera pakamwa pa mwamuna wake, popanda chenjezo. N'chimodzimodzi pamene Troy akusimba momwe anamenyanirana ndi bambo ake ali ndi zaka 14. Filimu zambiri zikanatibwezera m'mbuyo kuti tidzionere tokha. Iyi ikutisiya ndi mawu ake okha, ndipo poti tamumva kale akukokomeza nkhani zina, timamvetsera uku tikudzifunsa kuti zoona zathera pati.

Pali chimodzi chimene kamera inachita choti siteji singathe. Troy ataulula kuti wapereka mimba kunja, Rose akumuyankha kuti naye wakhala ataima pamalo amodzimodziwo kwa zaka 18. Muholo, wokhala kumbuyo amamva mawu ndi kuona thupi chabe. Apa kamera ikuyandikira nkhope ya Viola Davis, misozi ndi mamina zili chuchuchu, iye osapukuta. Mpanda wasanduka m'mbali mwa chithunzi: palibe kwina koyang'ana. Davis ndi Washington anali atasewera kale mbali zomwezi pa siteji ku New York mu 2010, ndipo zikuoneka, chifukwa amalandizana mawu ngati anthu okhalitsa m'banja. Davis analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimuyi.

Koma sindinganame kuti zonse zinayenda bwino. Mawu ena a Troy analembedwera munthu amene akufuna amveke mpaka mpando womaliza. Kamera ikakhala pafupi, mawu otere amalemera, ndipo nthawi zina umamva kuti uyu ndi wazisudzo, osati bambo wotopa ndi ntchito.

Chondikhumudwitsa kwenikweni ndi mathero. Tsiku la maliro a Troy, mng'ono wake Gabriel, amene anavulala mutu kunkhondo, akuliza lipenga kuti zipata zakumwamba zitseguke. M'sewero lipengalo silitulutsa mawu, ndiye iye akuyamba kuvina ndi kufuula. Ululu wake uli pamenepo: chimene wakhala akukhulupirira zaka zonsezi chamukanika. Mufilimu lipenga likulira ndithu pamapeto, dzuwa n'kuboola mitambo. Apa Washington anatiyankhira funso limene Wilson anatisiyira: kodi bambo wotere, wodyetsa banja koma wolipweteka, tingamukhululukire? Kwa maola oposa awiri filimuyi inatikhulupirira kuti tiganiza tokha, koma pamathero penipeni inachita mantha.

Mnzanga uja ndamuuza kuti akaiyambirenso, ndipo ulendo uno aziyang'ana matabwa. Mpanda ukamakwera, awerenge anthu amene atsala mkati.