Dzina Limodzi pa Mzere Uliwonse

Pakhoma la shedi ya koparetivi ina ya alimi ku Tamanda, kufupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, pakhomedwa mapepala awiri amizeremizere. Ali pakati pa kalendala ndi msomali wopachikapo makiyi. Amene anawalemba ndi mlembi wa koparetiviyo, mayi wosachulutsa mawu, amene kale ankaphunzitsa kupulayimale. Ndakhala ndikuwayang'ana mapepalawa nthawi zingapo, ndipo ulendo uliwonse ndimapezapo nzeru ina imene ndinali ndisanaione.

Chiyambi chake chinali msonkhano wa ku Chipata, kumene atsogoleri a makoparetivi anakaphunzitsidwa za malamulo amene bizinesi iyenera kutsata. Wophunzitsa anaonetsa masilaidi pakhoma, ndipo pomaliza aliyense anapatsidwa mpukutu wa masilaidiwo atasindikizidwa. Zonse zinalimo: msonkho wa ku ZRA, penshoni ya NAPSA, inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA, laisensi yogulitsira mbewu, kuyezetsa sikelo. Simunali bodza ngakhale limodzi. Koma silaidi imalembedwa kuti munthu aimirire pambali pake n'kumafotokoza. Wofotokozayo akachoka, imatsala ndi timitu tokha, topanda wochita. Imati zopereka zilipiridwe pa nthawi yake. Azilipira ndani, satchulidwa.

Mlembiyu anayamba ndi kufufuta. Anadutsa tsamba ndi tsamba ndi pensulo, akufunsa funso limodzi: kodi apa pali chinthu chimene munthu wa m'shedi muno ayenera kuchita ndi manja ake? Masamba ofotokoza mbiri ya mabungwe ndi ubwino womvera malamulo anawadula mzere. Kenako anafunsa lachiwiri, lovutirapo: kodi lamuloli likutikhudza ife? Silaidi ina inkanena za msonkho wothandizira maphunziro a luso, umene unayamba mu 2017, wa 0.5 peresenti ya malipiro onse, wolipiridwa ndi olemba ntchito okha. Munthu waphuma akanaulemba pamndandanda, kapena akanautaya poganiza kuti ndi wa makampani a ku Lusaka. Iye anapeza kuti olemba ntchito amene malonda awo a pachaka safika K800,000 sakhudzidwa. Malonda a koparetiviyo anali pansi pa malirewo, koma chaka cha soya wabwino angathe kuwadumpha. Ndiye sanalembe kuti "lipirani". Analemba kuti: pakutha pa chaka, msungichuma aphatikize malonda onse, ayerekeze ndi malirewo, auze komiti. Lamulo limene silinawagwire analisandutsa ntchito yoyang'anira tsiku limene lidzawagwire.

Pamene luso lake likuonekera kwambiri ndi pa silaidi ya zodula pamalipiro. Inali imodzi yokha, ya mizere itatu, yonena kuti PAYE, NAPSA ndi NHIMA zikhale zitaperekedwa pofika pa 10 mwezi wotsatira. Poti tsiku ndi limodzi, maso amaona ngati ntchitonso ndi imodzi. Iye anatenga malipiro a wosunga katundu m'shedi n'kuwawerengera pabolodi, komiti ikuona. Tinene kuti malipiro enieni ndi K2,000, ndipo ndalama zoonjezera za nyumba ndi thiransipoti ndi K500, zonse pamodzi K2,500. NAPSA imawerengera pa zonse: 5 peresenti ya wantchito ndi K125, koparetivi iwonjezere K125 ina, kutumizidwe K250. NHIMA imawerengera pa malipiro enieni okha: 1 peresenti ndi K20, olemba ntchito K20 inanso, zikwane K40. Wotenga K2,500 n'kuigwiritsa ntchito pa zonse ziwiri walakwitsa kale, ngakhale atalipira pa tsiku lake. PAYE nayo ili ndi msampha wake. Mu 2024 malipiro osapitirira K5,100 pamwezi sankadulidwa msonkho, choncho wosunga katunduyu sankadulidwa kanthu. Apa m'pamene ambiri amagona. Olemba ntchito amene analembetsa PAYE amayenera kutumizabe lipoti la mwezi ku ZRA, ngakhale msonkho wake uli ziro.

Silaidi imodzi ija inabala mizere isanu ndi iwiri. Kuwerengera malipiro ndi zodula ndi mzere woyamba. Ku bungwe lililonse mwa atatuwo, kutumiza lipoti ndi mzere wake, kulipira ndi mzere wina, chifukwa n'zotheka kuchita chimodzi n'kuiwala chinzake. Ndalama zotumizidwa ku NAPSA popanda lipoti losonyeza kuti ndi za ndani sizifika pa dzina la wantchito, ndipo mwini wake amadzazindikira patapita zaka, atapita kukafunsa za penshoni yake.

Mzere uliwonse uli ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Choyamba ndi chochita, ndipo nthawi zonse chimayamba ndi mneni: tumiza, lipira, yezetsa, lembetsa. Chachiwiri ndi mwini wake. Kenako tsiku la boma, tsiku lathu, umboni, ndi gwero, kutanthauza nambala ya silaidi ndi lamulo limene yachokerako.

Pa chipinda cha mwini ndi pamene panabuka mkangano. Wapampando, bambo wachikulire wolemekezeka, ankafuna kuti palembedwe "komiti".

"Amayi, mutu umodzi susenza denga," anatero. "Izi ndi za tonse."

"Zoona, a pampando," mlembiyo anayankha. "Koma denga likamakwera, aliyense amadziwa ngodya yake. Mundiuze amene wagwira ngodya iyi."

Sanalole mawu akuti komiti, ofesi kapena tonse. Sanalolenso mayina awiri pamzere umodzi, poti aliyense amayesa kuti mnzake wachita. Analemba udindo ndi dzina limodzi, ndipo pansi pake, ndi zilembo zazing'ono, wogwirizira ngati mwiniyo wadwala kapena wapita kumaliro. Ndipo asanalembe dzina ankafunsa ngati munthuyo ali ndi mphamvu yomalizira ntchitoyo. Funsoli ndi limene linavumbula vuto limene palibe silaidi ikanalitchula. Mzere wolipira unali wa msungichuma, koma ndalama sizituluka kubanki popanda osayina awiri, ndipo nambala yachinsinsi yotsimikizira inkapita pafoni ya wapampando wakale, amene anasamukira kwa ana ake ku Katete. Kumupatsa msungichuma mzerewo popanda kukonza zimenezi kukanakhala kumutchera ndale. Mlembiyo anawonjezera mzere wochita kamodzi kokha, wosintha nambala ya foni kubanki, n'kuupereka kwa wapampando watsopano.

Tsiku lathu ndi chipinda chimene ndimachikonda. Boma likuti pa 10. Pepala la pakhoma likuti pa 5. Aliyense wokhala kumadera ano akudziwa chifukwa chake. Netiweki imagwira n'kutaya, makina a pa intaneti amalemera tsiku lomaliza pamene dziko lonse likuthamangira komweko, ndipo zikakanika pafoni munthu amayenera kukwera kupita ku Chipata, ulendo umene nthawi ya dzinja sutsimikizika. Masiku asanuwo ndi a matope ndi a netiweki. Kuchedwa ku NAPSA kuli ndi chilango chimene chimawonjezeka mwezi uliwonse ngongoleyo ikadalipo, moti K250 yoiwalika imakula mwakachetechete.

Za umboni sanachulutse mawu. Mzere sutsekedwa ndi "ndachita". Umatsekedwa ndi lisiti kapena nambala ya lipoti, zimene zimalowa m'faelo yobiriwira, ndipo woika chizindikiro chakuti zatheka si mwini mzere, ndi munthu wina amene waona pepalalo ndi maso ake.

Pepala lachiwiri ndi la ntchito zopanda tsiku pakalendala, ndipo masilaidi anazisakaniza ndi zinzake ngati n'zofanana. Zina tsiku lake lili pa chinthu chenichenicho. Sikelo yogulira mtedza, umene kuno timati nshawa, imayezedwa ndi bungwe la boma loona za miyezo la ZMA, ndipo umboni wake umamatidwa pasikelo pomwepo. Mlembiyo anapita kukawerenga chomatacho, n'kuika ntchito yoyezetsa mu Malichi, misika isanatsegulidwe, chifukwa sikelo yokanidwa mu Juni imaimitsa malonda alimi ali pamzere ndi matumba awo. Anachitanso chimodzimodzi ndi laisensi yogulitsira mbewu ya ku SCCI ndi ya mankhwala a mbewu ya ku ZEMA: anatsitsa mafelemu pakhoma, n'kukopera masiku othera kuchokera pa mapepala enieniwo, osati pa zimene anthu ankakumbukira.

Zina zimadzutsidwa ndi chochitika. Kwa izi, m'chipinda cha tsiku analemba mawu oyamba ndi "ngati". Ngati talemba munthu ntchito, alembetsedwe ku NAPSA ndi ku NHIMA. Ngati ntchito yake ifika miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, mgwirizano ukhale wolembedwa, monga likunenera lamulo la ntchito la 2019. Ngati wina wavulala pantchito, bungwe la chipukutamisozi cha antchito lidziwitsidwe. Mizere yotereyi mwini wake sangakhale munthu wa muofesi, chifukwa amamva mochedwa. Thumba likagwera mnyamata paphazi, woyamba kudziwa ndi kapitawo wa m'shedi. Dzina lake ndi limene lili pamenepo, ndipo ntchito yake ndi yaifupi: auze mlembi tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe.

Mndandandawu uli ndi malire, ndipo mwini wake sawabisa. Dzina la pamzere silichotsa mlandu pa koparetivi. Msungichuma akaiwala, chilango chimabwera kwa gulu lonse, ndipo pepalalo limangothandiza kudziwa pamene chingwe chadukira. Komanso limakalamba. Bajeti ya dziko imawerengedwa chaka chisanathe, ndipo zosintha za misonkho nthawi zambiri zimayamba pa 1 Januwale, choncho nambala ngati K5,100 kapena K800,000 si zolemba ndi inki. Iye anazilemba ndi pensulo. Apa m'pamene chipinda cha gwero chimagwira ntchito, chifukwa lamulo likasintha safunika kuwerenganso mpukutu wonse, amangotsata mizere yochokera ku lamulolo.

Mzere womaliza pa pepala lachiwiri ndi wa pepalalo lenilenilo: sabata yachiwiri ya Januwale, funsa ku ZRA, ku NAPSA ndi ku NHIMA ngati manambala asintha, konza, khomanso. Mwini wake ndi mlembi. Pa wogwirizira panali posalemba kwa miyezi ingapo, mpaka mtsikana wina wothandiza kulemba malisiti nthawi yogula mbewu anayamba kukhala pambali pake pa 5 mwezi uliwonse. Ulendo wathawu ndinapeza dzina lake lalembedwapo, ndi pensulo.