Mamilimita 15 Omwe Diso Siliona

Mtanda wachitsulo ukasenza katundu umawerama mwakachetechete, koma tebulo lothimbirira la injiniya limadziwiratu. Taonani mtanda wa mamita 4, wotsamira kunsonga zonse ziwiri, EI yake 2000 kN·m². Katundu wa 10 kN wounjikana pakati amautsitsa mamilimita 6.7 potsata PL³/48EI, ndipo wina wa 5 kN/m woyalidwa ponseponse amawonjezera 8.3 potsata 5wL⁴/384EI. Tikaphatikiza, pakatipo patsika mamilimita 15. Luso lagona pa kudziletsa: injiniya amaphatikiza za pamalo amodzimodzi zokha, pokhapokhanso ngati chitsulocho chikuwerama pang'ono n'kumabwerera chikatula katundu. Ena amati kompyuta inathetsa zonsezi. Komatu kompyuta imayankha molimba mtima ngakhale itapatsidwa manambala olakwika. Popanda mizere iwiri ya pensuloyi, cholakwacho chidzaululidwa ndi pulasitala wong'aluka ndi chitseko chokana kutsekeka.