Dalitso Lizigwera Amene Akulimva

Ku Kapichila, m'boma la Lundazi, Chitumbuka ndi Chichewa zimamveka pabwalo limodzi, ndipo malire a Malawi sali patali. Mpingo wa CCAP wa kuno unamera kuchokera ku mishoni ya Livingstonia kudzera ku Chasefu, mpaka Sinodi ya Zambia inakhazikitsidwa mu 1984. N'chifukwa chake mapemphero ambiri amatuluka m'Chitumbuka. Koma ana a mpingowo anabalalika: ena ali ku Lusaka, ena anakwatiwa ku Kasungu, ena ali paganyu ku Joni, ndipo adzukulu ambiri amamva Chichewa chokha.

Tiyerekeze kuti amayi a Umanyano alembera anzawo obalalikawo mawu ochepa a moni ndi dalitso a chaka chatsopano, n'kupempha mlembi kuti awatembenuzire m'Chichewa. Ntchitoyi imaoneka yopepuka chifukwa zilankhulo ziwirizi n'zapachibale. Chibale chomwecho ndicho chimaphonyetsa omasulira.

Choyamba chimene ndimayang'ana m'uthenga wotere ndi kachidutswa kakang'ono ka m'kati mwa mneni. Mtumbuka akamadalitsa anthu ambiri, kapena munthu mmodzi womulemekeza, amaika -mu- m'mawu ake, monga mu "wamutumbikani". Womasulira wothamanga amangosintha tsinde n'kusiya -mu- pamalo pake, ndiye amalemba kuti "Mulungu amudalitse". M'Chichewa zimenezi zasanduka nkhani ina. Dalitso lachoka pa anthu amene akumvetsera, lapita kwa munthu wina wachitatu amene sanatchulidwe, ndipo mayi wa ku Kasungu adzafunsa kuti kodi akudwala ndani. Choyenera ndi "Mulungu akudalitseni": -ku- pakati, -ni kumapeto. Ukaiwala -ni uja n'kulemba "akudalitse", walankhula kwa gulu lonse la amayi, ndi abusa omwe, ngati ukulankhula kwa mwana. Ine ndimaona kuti cholakwa chimenechi n'chachikulu kuposa kuphonya kalembedwe, pakuti dalitso ndi mawu amene amachita ntchito pa munthu amene wawamva. Likalasa padera, silinadalitse aliyense.

Dzina la wodalitsayo nalo lili ndi msampha. M'Chitumbuka cha kutchalitchi, "Fumu" ndiwo mawu amene ife timati Ambuye. Ukalemba kuti "Mfumu ikusungeni", wa ku Lilongwe aganiza za nyakwawa, kapena za Mfumu Kapichila imene. Lemba "Ambuye". Nanga "Chiuta"? Pakamwa pamafuna kunena "Chauta", chifukwa n'zofanana kamvekedwe. Koma amene anakulira pa Buku Lopatulika la 1922 anazolowera "Mulungu" ndi "Yehova", pomwe "Chauta" amamupeza kwambiri amene amawerenga Buku Loyera la 1998, ndipo mmenemo dzinali likuimira Yehova. Pa gulu losakanikirana chonchi, "Mulungu" ndiye sakhumudwitsa khutu la aliyense.

Pali chizolowezi chimene sindigwirizana nacho, ngakhale chafala: kuyamba uthenga uliwonse ndi "abale ndi alongo". Pa guwa mawuwa anakhazikika, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kwathu mlongo wa mkazi ndi mwamuna. Amayi akamalembera amayi anzawo, "alongo athu" imamveka ngati chovala chobwereka. "Amayi anzathu" ndi mawu awoawo. Dzina la gulu lokha ndiye ndingalisiye mmene lilili. A Sinodi ya Nkhoma amati Chigwirizano, a Blantyre amati Mvano, koma amene akulembawa ndi a Umanyano, ndipo wa ku Joni akaona dzinalo amadziwa kuti mawuwa achokeradi kwawo.

Moni nawo asafupikitsidwe. Mtumbuka akati "monire mose", sanamalize. Pamatsatira za moyo. Uthenga wathu ukhoza kukhala motere: "Moni nonse amayi anzathu, kulikonse kumene muli. Ife kuno ku Kapichila tili bwino, kaya inu kumeneko? Ambuye akusungeni pa ntchito zanu ndi m'makomo mwanu, akudalitseni chaka chonsechi." Onani kuti sindinalembe "m'minda mwanu", ngakhale akumudzi akanatchula mvula ndi chimanga. Wogona m'kachipinda ka lendi ku Joni alibe munda, ndipo womasulira ayenera kubwerera kwa amayiwo kukapempha chilolezo chowonjezera "pa ntchito zanu", osati kusintha mwakachetechete pemphero la eni ake.

Inu alembi a magulu a mpingo, musanatumize uthenga pa foni, kauwerengeni mokweza pamaso pa mayi mmodzi wachikulire amene Chichewa anachiyamwira. Akayankha yekha kuti "Ameni" osafunsa kanthu, tumizani. Akafunsa kuti "akunena ndani?", bwererani pa mneni uja.