Chenjezo la Play Store pochoka pa Tinder

Pa tsamba limene Google imafotokoza kasiyidwe ka zolipira mwezi ndi mwezi pali chenjezo lalifupi: kuchotsa apu mufoni sikuletsa malipiro. Tinder nayo imanena zofanana, n'kuwonjezera kuti ngakhale mutafufuta akaunti yonse, ndalama zizidulidwabe ngati munagulira kudzera pa Play Store kapena App Store.

Chenjezoli likungonena chimene sichigwira ntchito, chifukwa chake silikutchula. Ine ndikuona kuti mpamene pagona vuto, poti munthu wosauzidwa chifukwa amaganiza kuti nkhope yake ikachoka pa Tinder, nkhani yatha. Zoona zake n'zakuti zinthu zilipo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake. Apu ili mufoni mwanu. Zithunzi ndi macheza zili kwa Tinder. Pangano lodula ndalama pakhadi lili kwa Google, ndipo kufufuta akaunti ya Tinder sikulithetsa. Zili ngati kusamuka m'nyumba ya lendi usiku osatsanzika: mwininyumba aziwerengabe miyezi.

Tiyerekeze mphunzitsi wa kuno kwa Kaduya amene anagula Tinder Plus ya mwezi umodzi pa 5 Malichi, ndipo pa 20 wapeza womanga naye banja. Ayambire ku Play Store. Adine chithunzi chake chakumwamba kudzanja lamanja, kenako `Payments & subscriptions`, `Subscriptions`, asankhe Tinder, adine `Cancel subscription`. Batani limeneli limaletsa kudula kuyambira pa 5 Epulo. Ndalama za Malichi silibweza, koma zimene analipirazo azigwiritsabe ntchito mpaka mwezi wake utakwana. Adziwa kuti zatheka akaona kuti pamene panali tsiku lodulanso ndalama palembedwa tsiku lothera.

Pali chinthu china chimene kwathu kuno n'chofala. Ambiri Gmail anachita kutsegulilidwa ndi wogulitsa foni kapena mphwawo, ena ali nazo ziwiri. Malipiro amaoneka pa akaunti yokhayo imene inagula. Mukapeza `Subscriptions` mulibe kanthu, musafulumire kusangalala. Sinthani akaunti muyang'anenso, kapena fufuzani mu imelo lisiti la Google Play. Kuiwala pasiwedi ya akaunti imeneyo n'koopsa kuposa kutaya foni, chifukwa khadi lizidyedwabe inu mulibe polowera.

Akatsimikiza zimenezi, mphunzitsi uja alowe mu Tinder, apite ku `Settings`, atsike mpaka pansi pa `Delete Account`. Pamenepo amufunsa ngati angakonde kungoimitsa kaye akauntiyo. Kuimitsa kumangomubisa kwa anthu atsopano, zithunzi ndi macheza zimatsala. Ngati watsimikiza mtima, asankhe kufufuta, podziwa kuti onse amene anagwirizana nawo ndi mauthenga awo apitira limodzi. Apu yeniyeniyo aichotse pomalizira.