Mizere inayi ya wojambula wa ku Chipasula

Akomiti ya ukwati akafunsa mtengo, wojambula wa ku Chipasula, Kawale kapena Area 23 amayankha ndi kauthenga kachidule pa WhatsApp. Mitengo imasiyana, koma mawu ake amafanana ndi chitsanzo ichi:

"Zithunzi ndi vidiyo, tsiku lonse: K450,000.
Zithunzi zonse pa fulashi.
Vidiyo ikatha kukonzedwa.
Theka poyamba."

Mzere woyamba ndi wokhawo umene uli ndi nambala, ndipo nambalayo yaikidwa pambali pa "tsiku lonse". Msungichuma wa komiti akauona amaganiza kuti akugula ntchito ya Loweruka limodzi. Loweruka limenelo limayamba 6 koloko m'mawa pamene mkwatibwi akuvala, n'kupita ku tchalitchi, kumalo ojambulira zithunzi, kenako kumadyerero mpaka cha m'ma 6 madzulo. Ndiwo maola 12. Akagawa K450,000 ndi 12 amapeza K37,500 pa ola, ndipo apa mpamene pamachokera mawu oti "Achimwene, mwatidulira, tsitsaniko." Mzerewu sunanenenso za ola lothera. Perekaniperekani akatalika, monga achitira nthawi zambiri, wojambula amakhala mpaka mdima popanda chowonjezera, chifukwa analemba yekha kuti tsiku lonse.

Ntchito yaikulu yabisala m'mawu amodzi a mzere wachitatu, "kukonzedwa". Tinene kuti wabwera kunyumba ndi zithunzi 1,500. Ayamba wachotsa zosaoneka bwino, za anthu otsinzina ndi zobwereza, n'kutsala ndi 400. Chilichonse achikonze kuwala ndi mtundu, makamaka za m'holo momwe diresi loyera limanyezimira pomwe nkhope zili mu mdima. Pa mphindi ziwiri chithunzi chimodzi, ndi maola oposa 13. Vidiyo imadya nthawi koposa apo. Ayenera kuonera zonse zimene makamera ajambula, kulunzanitsa mawu a abusa ndi milomo yawo, n'kudula. Kudula nako n'kovuta pa ukwati wa kuno, pakuti azakhali aliyense amene anavina akuponya ndalama amafuna adzadzione, ndipo akasowa mu vidiyomo nkhani imafika kwa ankhoswe. Maola 20 apa si ochuluka. Tikaphatikiza onse tipeza maola 45, ndipo K450,000 ija yatsika kufika pa K10,000 pa ola, asanalipire mnzake wogwira kamera yachiwiri, thiransipoti ndi fulashi yomwe.

Ineyo ndimaona kuti wojambulayo wadzipweteka yekha ndi kalembedwe kake. Maola amene kasitomala amawaona ndi maso wawaikira mtengo, pomwe maola 33 amene amagwira ali yekha pakompyuta wawasiya opanda nambala, ngati kuti ndi basela.

Mzere wachitatu uja ulibenso tsiku. "Ikatha" ingakhale milungu iwiri, ingakhale miyezi inayi. Wojambula amakonda kusiya choncho chifukwa magetsi a ESCOM akathima kompyuta imaima, komanso m'miyezi ya maukwati ambiri Loweruka lililonse limawonjezera ntchito pamwamba pa ina yosatha. Koma kwa banja latsopano, kusowa kwa tsiku kumamveka ngati kuzemba, ndipo mafoni amayamba kulira sabata yoyamba.

"Zithunzi zonse" ndi mawu amene mbali ziwirizi zimamva mosiyana. Kwa mkwati, zonse ndi 1,500 zija. Kwa wojambula, ndi 400 zosankhidwa. Mawu oti "pa fulashi" okha ndiwo alembedwa mwanzeru. Zithunzi 400 za mamegabaiti 8 chilichonse zimaposa magigabaiti atatu, ndipo kuzitumiza pa intaneti kumadya bandulo ya onse awiri. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi: pafoni chimaoneka bwino, koma mukachitsukitsa chachikulu choika pakhoma nkhope zimachita mbuu.

Mzere womaliza umatchula theka loyamba, koma sunena kuti lotsalalo lidzaperekedwa liti. Wopereka fulashi asanalandire ndalama yotsala amayenda maulendo ambiri kukailondola, poti ndalama za perekaniperekani zimatha msanga ndi ngongole za holo ndi zakudya. Palinso za kugwa kwa ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anagwirizana mtengo miyezi ingapo m'mbuyo anadzalandira theka lachiwiri litachepa mphamvu, pamene mabatire ndi makadi a kamera amachokera kunja.

Uthengawu ukanangowonjezera mizere itatu, mkangano ukanachepa: maola 12, ola lililonse lopitirira pamenepo mtengo wakutiwakuti, zithunzi zokonzedwa 400 ndi vidiyo ya ola limodzi ndi theka pakatha milungu inayi, ndalama yotsala iperekedwe pa tsiku lolandira fulashi, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba.